Paison Goba ndi Kampani ya Nyenyezi

Paison Goba anagwira ntchito pa siteshoni ya njanji ya Chiromo kuyambira chaka cha 1908, pamene sitima inayamba kukwera mapiri kupita ku Blantyre, ndipo zaka zonse anakhala pa ntchito imodzimodziyo: kukweza ndi kutsitsa katundu. Anali Mmang'anja wa kwa Mlolo, munthu wamfupi, wa mapewa otakasuka, wosakonda kuyankhula pagulu. Sukulu ya mishoni anangoilawa zaka ziwiri, koma zilembo anazidziwira bwino pa ntchito. Belo lililonse la thonje, thumba la mchere, bokosi la sopo kapena mtolo wa malata unali ndi dzina la mwini wake ndi malo kumene ukupita, ndipo Paison sankanyamula kanthu asanawerenge. Anzake ankamuseka kuti akuchedwetsa ntchito. Iye ankangoti katundu wosochera amalemera kawiri, chifukwa umamunyamula popita ndi pobwerera.

Mkazi wake, Esinala, anali Msena wa kumunsi kwa mtsinje wa Tchiri, ndipo m'nyumba mwawo ziyankhulo ziwiri zinkasakanikirana popanda wozindikira. Ana sanadalitsidwe nawo. Mwina n'chifukwa chake mtima wa Paison unagona pa Lazaro, mwana wa mlongo wake Veronika. Ndiye anamuphunzitsa kupalasa bwato, ndiye anakamuyimira pa ukwati pamene Lazaro anakwatira Priska, ndipo Loweruka lililonse akaweruka ankayenda ulendo wa maola awiri kupita kumudzi kukaona mbumba yake.

Chaka cha 1926 madzi a Ruo anasefukira mochedwa, mbewu zitakula kale. Mapira anagona m'matope, thonje linaola lili chiimire. Pofika mwezi wa Meyi akazi anali atayamba kale kulowa m'dambo kukazula nyika, mizu ya m'madzi yodyedwa pa njala, ndipo amuna ankakhala pansi pa mitengo osadziwa poyambira. Ndi nthawi imeneyo pamene m'midzi ya kwa Mlolo munafika mlendo wamtali, wovala jekete yoyera ndi nsapato, dzina lake Shadreck. Anati iye ndi kapitawo wa kampani yaikulu ya thonje ya ku Limbe, ndipo watumidwa kudzalemba amuna makumi anayi. Ntchito yake inali ya m'nyumba ya makina ochotsera njere m'thonje, pamthunzi, miyezi isanu ndi umodzi, chakudya ndi bulangete zaulere. Aliyense wolembetsa ankapatsidwa thumba laling'ono la ufa loti asiyire banja lake. Shadreck anali ndi chikalata chosindikizidwa bwino, pamwamba pake pali chithunzi cha nyenyezi, ndipo anthu anangoitcha Kampani ya Nyenyezi.

Loweruka limenelo Paison anapeza Lazaro atalembetsa kale.

"Atsibweni, mwayi wagwa," anatero Lazaro nkhope ili ngwee. "Priska ali ndi pakati, m'nkhokwe mulibe kanthu. Tinyamuka Lolemba la sabata ya mawa, osati likubwerali, linalo."

"Mukwera sitima pa Chiromo?"

"Ayi. Akuti kampani ili ndi galimoto zake. Tikwera phiri wapansi, galimoto tikazipeza pa msewu wa ku Thyolo."

Paison anapempha kuona chikalatacho. Shadreck anamupatsa mosanyinyirika, ndipo poona kuti munthuyo akuwerenga milomo ikugwedera, anamwetulira n'kumuuza kuti atenge, iye ali nazo zambiri. Paison anawerenga pang'onopang'ono, chala chili pansi pa chilembo chilichonse. Southern Star Cotton Company Limited. Pansi pake panalembedwa kuti inalembetsedwa ku Blantyre, nambala 47, ndiponso nambala ya bokosi la ku positi ya ku Limbe. Anabwereza dzinalo katatu. Sanapeze cholakwika pa pepalapo, komabe analipinda n'kulisunga, china chake chikumuvuta.

Pobwerera ku Chiromo ndipo anazindikira chomwe chinkamuvuta. Thonje limamera kuchigwa, ndipo lochoka chigawo chino silingakwere ku Limbe lambiri chotero popanda kudutsa pa njanji. Iye anali atanyamula katundu pamenepo zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Mayina a makampani ankawadziwa monga mmene munthu amadziwira mayina a anansi ake. Koma dzina ili anali asanalionepo pa belo, pa bokosi, ngakhale pa mgolo wa mafuta a makina.

Lolemba m'mawa anakaonetsa chikalatacho kwa Geresomo, kalaliki wa nyumba ya katundu, munthu wachikulire amene anayamba wagwirapo ntchito m'maofesi a ku Blantyre. Geresomo anavala mandala ake, natsegula mabuku a katundu a zaka zitatu zapitazo. Dzinalo silinapezeke.

"Zimenezi pazokha si umboni," anatero Geresomo. "Mwina ndi kampani yatsopano. Koma taonani apa, a Goba. Alemba bokosi la ku positi lokha. Bokosi si malo. Munthu aliyense angathe kubwereka bokosi, ngakhale amene amagona pansi pa mtengo. Kampani ya makina iyenera kunena msewu kapena puloti pamene yaima."

"Nanga munthu angadziwe bwanji?"

"Ku Blantyre, ku khoti lalikulu, kuli ofesi ya kaundula. Kampani iliyonse yolembetsedwa m'dziko muno ili m'buku kumeneko, pamodzi ndi eni ake, ntchito yake ndi malo ake. Lamulo limati munthu aliyense angaone, akalipira sheleni. Silinena kuti mzungu yekha. Koma kunena zoona, wonyamula katundu amene anakayesapo sindinamumvepo."

Ku Blantyre Paison anali atafikako kawiri kokha, ndipo maulendo onsewo sanatuluke pa siteshoni.

"Mundilembere kakalata," anatero.

Geresomo analemba kakalata kopita kwa kalaliki wina dzina lake Kalisto, amene anaphunzira naye limodzi. Anakapemphanso kwa bwana wa siteshoni kuti Paison akwere sitima ya Lachiwiri m'ngolo ya katundu monga wothandiza, abwerere ndi ya Lachisanu. Masiku analipo okwanira, pakuti amunawo ankanyamuka Lolemba.

Madzulo a tsikulo Veronika anabwera ku Chiromo kudzagulitsa nsomba zouma, ndipo Paison anamuuza za ulendo wake. Anachita zimenezi pofuna kuti mlongo wake amugwire Lazaro mpaka iye atabwera.

"Achimwene, mukufuna kumutsekera mwana mwayi?" anafunsa Veronika.

"Sindikutseka kanthu, achemwali. Ndikukangoona ndi maso. Ikakhala yoona, ndidzamuperekeza ndekha mpaka paphiri. Koma nkhaniyi isamveke."

Veronika anavomera. Sanali munthu wa miseche. Anangouza Priska kuti mtima wake ukhale pansi, Priska anauza mayi ake, ndipo pofika Lachiwiri masana nkhani inali itafika m'makutu a Shadreck.

Sitima inakwera motsatira Ruo, ikupuma movutikira m'makhotakhota, ndipo pamene inkafika ku Blantyre dzuwa linali litapendeka ndipo Paison ankanjenjemera ndi chisanu cha kumapiri. Anagona kwa anzake a pa njanji. M'mawa mwake anavala malaya ake a ku tchalitchi, nafunsira njira ya ku khoti.

Pakhomo panali mesenjala wa chipewa chofiira. Anamuyang'ana Paison kuyambira kumapazi, amene analibe nsapato.

"Milandu ya anthu akuda si kuno."

"Sindinabwerere mlandu, bambo. Ndabwera kudzaona kaundula wa makampani."

Mesenjalayo anaseka mpaka anaitana mnzake kuti adzamve. Paison anatulutsa kakalata ka Geresomo, nakagwira ndi manja awiri, ndipo anaima pomwepo mpaka kuseka kunatha kokha. Mesenjalayo anamuuza kuti adikire pakhonde. Anadikira mpaka mthunzi wa khondelo unafupika, ndipo kenako kunatuluka munthu wochepa thupi, wa zala zothimbirira ndi inki. Ameneyo anali Kalisto. Atawerenga kakalatako analowa kukayankhula ndi mzungu wa muofesimo. Paison anamva mawu a mzunguyo akukwera ngati akufunsa, kenako akutsika. Kalisto anabwerera.

"Akuti ngati sheleni muli nayo, lowani."

Chinali chipinda chozizira, chonunkha mapepala akale. Kalisto analandira ndalamayo, nalemba lisiti, nayala chikalata cha nyenyezi patebulo.

"Choyamba ndi dzina, ndipo liyenera kukhala lenileni, chilembo ndi chilembo, chifukwa mayina amafanana. Tsono onani mawu otsirizawa, Limited. Kampani yodzitcha choncho, ngati inalembetsedwa kuno monga akunenera, iyenera kupezeka m'buku ili." Anatsitsa buku lalikulu lachikuto chakuda, natsegula mndandanda wa mayina oyamba ndi S. "Werengani nokha, a Goba, kuti musadzati Kalisto ndiye ananena."

Paison anatsitsa chala chake pa tsambalo. Mayina ena anawazindikira, anali a pa mabokosi amene ananyamulapo, ndipo zinamudabwitsa kuwapeza ali phee m'buku ngati anthu a kwawo okumana nawo kuchilendo. Anafika pansi pa tsamba. Anabwerezanso. Nyenyezi panalibe.

"Mwina inalembetsedwa kunja, ku Ulaya?" anafunsa.

"Ikanakhala ya kunja, nkhani ikanakhala ina. Koma pepala lanu likudzinenera lokha kuti Blantyre, nambala 47. Tiyeni tione nambalayo." Kalisto anatsegula masamba. Nambala 47 m'buku la makampani inali ya kampani ina ya fodya, yosakhudzana ndi thonje ngakhale pang'ono.

Paison anapumira m'mwamba. "Ndiye kuti kulibe."

"Musafulumire. Pali buku lachiwiri." Limeneli linali laling'ono, latsopanoko. Kalisto anafotokoza kuti zaka zinayi zapitazo kunabwera lamulo loti munthu wochita malonda ndi dzina losakhala lake alembetse dzinalo, kuti anthu adziwe amene ali kuseri kwake. Munthu wotero si kampani ayi, ndi munthu chabe wokhala ndi chikwangwani. Anatsegula pa nambala 47, ndipo onse awiri anawerama.

Southern Star Trading. Linalembetsedwa mu 1923. Mwini wake anali mmodzi yekha, mzungu wotchedwa Halloran. Ntchito yake: kugula zikopa ndi nyemba. Malo ake: puloti 19, kuseri kwa siteshoni ya Limbe.

"Mawu awiri oyamba ndi omwewo, nambala ndi yomweyo," anatero Kalisto motsitsa mawu. "Koma Cotton palibe, Company palibe, Limited palibe. Wina watenga dzina la kasitolo ka zikopa n'kuliveka jekete."

"Ndiye bodza lagwidwa."

"Theka lake. Ndikuuzeni chinthu chimene anthu ambiri sadziwa. Bukuli limalemba zimene munthu wanena pa tsiku limene anabwera. Ife sitipita kukaona. Mwina Halloran anakulitsa malonda ake, anagula makina, n'kuiwala kudzatiuza, ngakhale lamulo limati adzanene. Mwinanso anatseka kalekale osadzanena. Buku lakupatsani malo. Kwatsalako n'kwa mapazi anu. Mukafika, muyang'ane pakhoma, chifukwa chiphaso cha kulembetsaku chimayenera kupachikidwa poonekera pamalo a malondawo. Mufunsenso anthu oyandikana nawo, osati a m'nyumbamo okha. Ndipo china: ngakhale kampani itakhala yoona, kulemba anthu ntchito m'midzi kumafuna chiphaso china cha boma. Kapitawo wanuyo anakuonetsani?"

"Palibe anamufunsa."

Paison anapempha kuti zonsezo zilembedwe papepala la chidindo, chifukwa ankadziwa kuti mawu a wonyamula katundu sangapose jekete yoyera. Panafunika ndalama ina, ndipo anapereka yomwe anasungira chakudya cha panjira. Kalisto anakopera zolembedwa pa nambala 47, mzungu uja anasaina osadzutsa mutu, chidindo chinagunda. Potuluka, mesenjala uja anayang'ana kumbali.

Lachinayi m'mawa anayenda wapansi kupita ku Limbe. Anazungulira kuseri kwa siteshoni, akufunsa m'masitolo a Amwenye, mpaka wina anamulozera kanjira kotsikira kukhwawa. Puloti 19 inali nyumba ya njerwa ya zipinda ziwiri, denga la malata a dzimbiri. Pakhoma panali poderako pamene kale panali chikwangwani, ndipo poyang'anitsitsa munthu ankatha kuona misomali inayi. Kuseri kunali mitanda yoyanikapo zikopa, ina itagwa, udzu utamera mpaka m'chiuno. Chumuni panalibe. Phokoso la makina panalibe, kupatula kamakina kosokera ka telala amene anakhala pakhonde. Paison anawerama n'kuyang'ana pansi. Pamalo pamene pamapunthidwa thonje, ulusi wake umakola paliponse, m'udzu, m'minga, pa mpanda. Apa panalibe ngakhale kamodzi.

Telalayo anali Symon, munthu wochezeka wa ku Chiradzulu. Anamulola Paison kusuzumira m'nyumbamo. Munali matumba a chimanga a Mmwenye amene ankabwereka nyumbayo. Makoma anali opanda kanthu.

"Mzungu wa zikopa? Anachoka dzinja la dzana," anatero Symon. "Malonda anamukanika, anakwera sitima ya ku Beira, sanabwerenso. Fungo lake lokha ndilo linatsala chaka chathunthu."

"Nanga kampani ya thonje, ya makina?"

"Pano? Bambo, makina a pano ndi awa ndikupondawa."

"Mzunguyo anali ndi antchito?"

"Atatu. Wamkulu wawo anali wamtali, wokonda kutchena, Shadreck. Ndiye anasesa muofesimo bwana wake atachoka, mapepala onse anatenga. Jekete yoyera ndinamusokera ndine chaka chatha. Ankati wapeza mabwana ena kutsidya, kwa Apwitikizi."

Paison anakhala pansi pakhondepo. Munthu wa kwa Mlolo sankafunika kumuuza tanthauzo la kutsidya. Ambiri a m'midzi imeneyo, ngakhalenso abale a mkazi wake, anali othawa ntchito yokakamiza kumeneko, ndipo ena anali ndi zipsera za chikwapu pamsana. Symon anamupatsa madzi ndi mbatata yowotcha. Paison anamupempha kuti anene zonsezo kachiwiri, ndipo anazilemba kumbuyo kwa lisiti ndi pensulo, m'zilembo zake zazikulu zokhota, Symon n'kuika dzina lake pansi.

Tsiku limenelo linamutalikira kuposa masiku onse a moyo wake. Sitima inali ya mawa lake, ndipo panalibe njira ina yachangu. Ankadzitonthoza kuti Lolemba likadali kutali.

Lachisanu madzulo, sitima itaima pa Chiromo, anaona Esinala ataima pafupi ndi thanki ya madzi, manja ali kumutu. Esinala sanadikire kuti mwamuna wake atsike bwinobwino.

"Aenda," anatero m'Chisena, kenako n'kubwereza. "Apita, bambo. Lachitatu m'mamawa. Shadreck anamva kuti mwapita ku Blantyre, ndiye anati galimoto yabwera msanga, ili ndi malo a anthu khumi ndi awiri okha, ofuna anyamuke pompo. Lazaro anali woyamba kumanga mtolo."

Paison sanalowe m'nyumba. Geresomo anatumiza lamya ku boma ku Port Herald kudzera pa waya wa njanji, ndipo Paison anauyamba ulendo wa kumudzi dzuwa likulowa. M'mawa mwake amuna otsalawo, pafupifupi makumi atatu, anasonkhana pabwalo la tchalitchi. Mitolo yawo inali yomangamanga, pakuti Shadreck anawauza kuti mnzake adzabwera kudzawatenga Lolemba. Paison, amene moyo wake wonse sanayankhulepo pamsonkhano, anaima patsogolo pawo pepala la chidindo lili m'manja.

Sanakometse mawu. Ananena zimene anaona m'buku loyamba, zimene anaona m'buku lachiwiri, ndi zimene anaona pa puloti 19. Mphunzitsi wa sukulu ya patchalitchipo anawerenga pepalalo n'kulimasulira. Wina anafuula kuti nanga ufa uja anapereka ndani ngati kampani kulibe.

"Ufa ndi weniweni," anayankha Paison. "Nyumba ya makina ndiyo kulibe. Ndaima pamalopo ndi mapazi angawa. Pali telala ndi udzu."

"Nanga tidya chiyani? Pepala lanulo?"

"Sindikudziwa chimene mudye. Ine ndangokuuzani kumene simukupita. Akabwera munthuyo Lolemba, mumufunse chiphaso cha boma cholembera anthu. Akakuonetsani, ine mundimange."

Anthu anabalalika akung'ung'udza, ena akumutukwana. Koma Lolemba litafika, mnzake wa Shadreck anapeza amuna atakhala pansi osanyamula mitolo, ndipo atafunsidwa za chiphaso anati wachiiwala m'bwato. Anapita kukachitenga, ndipo sanaonekenso. Asilikali awiri a boma anafika tsiku lotsatira. Analondola mapazi a gulu loyamba lija. Mapaziwo sanalowere kuphiri. Anatsata Ruo chokwera, nathera padooko lina lobisika m'bango. Asilikaliwo anaima pagombe, nayang'ana kutsidya, nabwerera, pakuti mphamvu yawo inkathera pamadzipo.

Veronika sanalire pamaso pa mlongo wake. Anamulandira, namupatsa mpando, nakhala pansi chapatali.

"Mukanapanda kupita ku Blantyre, akananyamuka Lolemba," anatero.

"Inde."

"Ndipo ndikanapanda kutsegula pakamwa panga, mukanamupeza."

Paison ankadziwa kuti popanda ulendo wake onse makumi anayi akanawoloka, koma zimenezo sizinali zouza mayi wa mwana mmodzi. Anakhala choncho mpaka mthunzi unasuntha, aliyense atasenza gawo lake.

Njala ya chaka chimenecho inali yowawa. Ena mwa otsala aja anakapeza ganyu yokonza njanji pamene madzi anagumula, Geresomo atawanenerera, ena anapita ku minda ya tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje. Onse anali atabwerera pofika nthawi yobzala. Ochepa okha ndiwo anabwera kudzathokoza. Mmodzi, Msena wokalamba amene ana ake awiri anali m'gulu lotsalalo, anafika pa siteshoni ndi nkhuku, naiika pamapazi a Paison, nathokoza m'Chisena kuti, "Takhuta," n'kutembenuka. Priska anabereka mwana wamkazi mu Okutobala, namutcha Lonely.

Kuyambira pamenepo anthu anayamba kumubweretsera mapepala. Aliyense wobwera m'midzi ndi malonjezo a kampani, wogula mpunga kapena wolemba anthu, pepala lake linkafika ku Chiromo lisanayankhidwe. Paison ankafunsa dzina lonse, ankafunsa kumene nyumba yake yaima, ndipo ankatumiza funsolo kwa Kalisto kudzera mwa gadi wa sitima. Yankho likabwera, ankapempha mnzake wa pa njanji wa ku Limbe kapena ku Luchenza kuti akaone malowo ndi maso. Sanali munthu wokana chilichonse. Mu 1927 kunabwera mzungu wofuna anthu odula mitengo ya nkhuni za sitima, ndipo anthu anachita mantha. Dzina linapezeka m'buku, nyumba inapezeka pamalo ake chiphaso chili pakhoma, chiphaso cha boma chinaonetsedwa, ndipo Paison anawauza kuti, "Iyi ilipo. Za malipiro ake mukambirane nokha, buku silinena ngati munthu ali wachifundo." Anthuwo anapita, nabwerako bwino.

Za anthu khumi ndi awiri aja kunali zii kwa zaka ziwiri. Kenako, m'chilimwe cha 1928, munthu wowonda kwambiri anatsika m'bwato pa Chiromo n'kufunsa za a Goba. Paison anachita kumuyang'anitsitsa kuti amuzindikire. Anali mmodzi wa gululo, mnzake wa Lazaro wa paubwana. Anafotokoza atakhala pa thumba la mchere m'nyumba ya katundu. Shadreck anawauza kuti njira ya kuphiri yagumuka, ndipo adzera tsidya linalo pang'ono chabe. Atangowoloka anapeza asipai, apolisi a Apwitikizi, akuwadikira ndi mfuti. Anawayendetsa masiku asanu ndi limodzi mpaka ku minda ina yaikulu ya kufupi ndi Zambezi, kumene mayina awo analembedwa kale ngati anthu a dziko limenelo. Anayi anathawa m'chaka choyamba, ndipo sakudziwa kumene anathera. Lazaro anayesa kawiri. Maulendo onsewo anamugwira, ndipo atamubweza kachiwiriko anamukwapula mpaka sanachirenso. Anamwalira mvula yoyamba ya chaka chathachi, ndipo mnzakeyo ndiye anakumba manda, iyenso asanathawe.

"Ananenapo kanthu?" anafunsa Paison.

"Ankafunsa ngati Priska anachira bwino. Tinalibe womufunsa."

Paison anapempha tchuthi cha masiku atatu, ndipo ananyamula uthengawo yekha kupita nawo kumudzi, munthuyo ali pambuyo pake. Monga mwini mbumba, ndiye anayenera kuulula maliro. Anaima pakhomo la Veronika, navula chipewa, ndipo mlongo wake atangomuona anadziwa. Kulira kumene kunasungidwa zaka ziwiri kunabuka tsiku limenelo, ndipo kunamveka mpaka kudambo.

Popeza mtembo panalibe, abale anagwirizana zoika mphasa ya Lazaro pamodzi ndi nkhafi yake. Anthu anabwera ambiri, ndipo amuna amene anakumba dzenjelo anali ena mwa makumi atatu aja, osachita kuitanidwa. Mphunzitsi anatsogolera nyimbo. Paison ananyamula Lonely pamene mayi ake ankaponya dothi, ndipo mwanayo, amene sankamvetsa chimene chikuchitika, ankasewera ndi batani la malaya ake.

Tsiku lachitatu anameta, monga mwa mwambo. Veronika anaperekeza Paison mpaka pamene njira imapatukira ku Chiromo, atamumangira nsomba ziwiri m'masamba kuti akapatse Esinala.

"Mubwere Loweruka, achimwene," anatero. "Denga la Priska likudontha."

Loweruka anabwera ndi mitolo iwiri ya udzu ndi luzi, ndipo anafolera nyumbayo mvula isanayambe.